Ngongole yakale ndi foni za otolera ngongole ku Zingalume

Ngongole yakale, m'malamulo a Zambia, ndi imene yadutsa nthawi yoti mwini ndalama angaisumire kukhoti. Nkhaniyi imakhudza alimi ambiri a dera la Mfumu Zingalume m'boma la Chadiza, kumene anthu amakongola ndalama za feteleza ndi mbewu mvula isanagwe n'kudalira kubweza akagulitsa chimanga kapena soya. Chaka chikavuta ngongoleyo imatsala, ndipo patapita zaka foni imayamba kulira. Woimbayo nthawi zambiri sakhala amene anakongoza ndalamazo, koma munthu wa kampani yolembedwa ntchito yotolera, ndipo kawirikawiri malipiro ake amadalira ndalama zimene watolera.

Malire a zaka 6

Zambia imatsatira lamulo la ku Britain lotchedwa Limitation Act la 1939. Lamuloli limati mlandu wa ngongole ya pangano wamba uyenera kukalowa kukhoti pasanathe zaka 6 kuchokera tsiku limene ndalamazo zinayenera kubwezedwa. Ngongole yokhala ndi chikole cha malo kapena nyumba ili ndi zaka 12, chimodzimodzinso imene khoti linagamula kale.

Zakazo zikatha ngongole sifafanizika. Chimene chimatha ndi mphamvu ya mwini ndalama yokakamiza kudzera m'khoti, pomwe kupempha angathe kupemphabe. Komanso khoti silidziwerengera lokha zakazo: wokongolayo ayenera kuonekera ndi kunena m'yankho lake kuti nthawi inatha. Amene walandira samani n'kuiika pansi pa mphasa, khoti lingamugamulire iye kulibe, ndipo ngongole imene inali itafooka imasanduka chigamulo cha zaka 12.

Pali zinthu ziwiri zimene zimachititsa kuti zakazo ziyambenso kuwerengedwa kuchokera pachiyambi. China ndi kulipirako ndalama, ngakhale zochepa motani. China ndi kuvomera ngongoleyo polemba ndi kusaina. Mawu apakamwa pa foni sawerengedwa, koma uthenga wolemba pa foni wakuti "ndidzalipira ndikakolola" wina angautengere kukhoti n'kunena kuti ndi chivomerezo.

Chitsanzo chongoyerekeza

Mlimi wakongola K3,000 ku kampani yobwereketsa ndalama mu Novembala 2016, pangano lili lakuti amalize kubweza pofika 30 Juni 2017. Mu Ogasiti 2017 walipirako K1,200, kenaka osalipiranso. Zaka 6 zikuwerengedwa kuchokera pa malipiro omalizawo, osati tsiku limene anakongola, choncho nthawi yosuma inatha mu Ogasiti 2023. M'chaka cha 2024 munthu akuimba: "Bambo, ngongole yanu yafika K11,000. Tumizani K50 yokha lero pa foni, tione kuti muli ndi mtima wolipira."

K50 imeneyo ndiyo msampha. Ikatumizidwa, zaka 6 zikuyambira pomwepo, ndipo kampaniyo yapezanso khomo la kukhoti mpaka 2030, umboni wake uli uthenga wotsimikiza kuti ndalama zapita. Yankho lanzeru ndi lalifupi: "Bambo, nditumizireni kalata yonena dzina la kampani imene inandikongoza, tsiku la pangano, zimene ndinalipira ndi mmene mwafikira pa chiwerengerochi. Pa foni sindivomera kanthu." Mwa mawuwa mlimi sanakane, sanatukwane, ndipo sanavomere.

Chiwerengero cha K11,000 nachonso n'chofunika kuchifunsa. Lamulo la mabanki ndi makampani azachuma la 2017 limaika malire pa ngongole imene yasiya kulipiridwa: wokongoza angatenge ndalama yeniyeni imene inatsala, chiwongoladzanja chosapitirira ndalama yotsalayo, ndi zimene wawononga potolera. Ngati gawo la K1,200 ija linapita ku chiwongoladzanja ndipo pa ndalama yeniyeni panatsala K2,000, chiwongoladzanja chimalekera pa K2,000. Kuchoka pa K4,000 kufika pa K11,000 pali K7,000 imene wotolerayo ayenera kuionetsa pa pepala. Malire amenewa amagwira mabanki ndi makampani amene ali ndi chiphaso cha Bank of Zambia. Obwereketsa ena ali ndi lamulo lawolawo, limene limafuna chiphaso ndi pangano lolembedwa, ndipo limaona chiwongoladzanja choposa 48 peresenti pachaka ngati chopitirira muyeso, choti khoti lingachichepetse. A kaloba ambiri alibe chiphasocho, n'chifukwa chake amakonda kuopseza koposa kusuma.

Pa ngongole zakale kwambiri pali chinanso. Kwacha inachotsedwa maziro atatu pa 1 Januwale 2013, kotero K2,000,000 yolembedwa pa pepala la 2011 ndi K2,000 ya lero.

Zimene wotolera alibe nazo mphamvu

Kulephera kubweza ngongole si mlandu wa polisi. Wonena kuti "mawa tikubwera ndi apolisi" akungoopseza, pokhapokha ngati ndalamazo zinatengedwa mwachinyengo, monga pogwiritsa ntchito chitupa cha munthu wina. Khoti lokha ndi limene lingatsekere munthu, ndipo limatero pamene lagamula kale, munthuyo ali nazo zolipirira koma akukana dala. Wapolisi wodzisandutsa wotolera ngongole angathe kudandaulidwa ku Police Public Complaints Commission.

Wotolera sangalowenso m'khola kapena m'nkhokwe. Kulanda ng'ombe, njinga kapena matumba a chimanga kumatsatira chigamulo, ndipo ochita zimenezo ndi mabelifi okhala ndi chikalata cha khoti chimene mwini nyumba ali ndi ufulu wochiona. Katundu amene analembedwa ngati chikole m'pangano ali ndi nkhani yakeyake, n'chifukwa chake pepala la panganolo ndilo loyamba kulifunafuna.

Kuimbira azibale a wokongola, anzake kapena akumpingo n'cholinga chomuchititsa munthu manyazi kumasemphana ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu la 2021. M'bale amene sanasaine ngati chikole alibe ngongoleyo. Mkazi wamasiye nayenso salipira kuchokera m'thumba mwake ngongole imene sanasaine, chifukwa imalipiridwa kuchokera pa chuma cha malemu kudzera mwa woyang'anira chumacho.

Kokadandaula

Dandaulo limayenda bwino likakhala ndi umboni: kabuku kolembamo tsiku, nthawi, nambala ndi mawu a woimbayo, pamodzi ndi mauthenga osafufuta. Limayamba ndi kalata yopita ku kampani imene inakongoza, kenaka ku Bank of Zambia ngati kampaniyo ili pansi pake. Legal Aid Board ili ndi ofesi ku Chipata yothandiza osakwanitsa kulipira loya, ndipo ndi kumene munthu angakatsimikize tsiku limene zaka zake zinayambira. Nambala yokana kutchula kampani, yongofuna kuti ndalama zipite pa foni ya munthu, ndi yoyenera kuineneza ku ZICTA. Amene dzina lake likuoneka molakwika m'kaundula wa okongola wa TransUnion ali ndi ufulu, pa lamulo la 2018, wopempha lipoti lake ndi kutsutsa cholakwikacho.

Ngongole ya pakati pa anansi imakonda kukathera kwa nyakwawa, ndipo kumeneko sawerenga zaka 6, amaona chilungamo ndi ubale. Nayenso amene akufuna kudzakongolanso ku banki angasankhe kulipira ngakhale nthawi inatha. Wotero ndi bwino ayambe wagwirizana ndi mwini ndalama pa chiwerengero chomaliza, alandire kalata yonena kuti akalipira ndalamayo ngongole yatsekedwa, kenaka alipire mu akaunti ya kampaniyo ndi kusunga lisiti.