Zotsatira za mayeso zikagwiridwa: zifukwa zake ndi njira yozitulutsira

Bungwe loona za mayeso la MANEB, lomwe likulu lake lili ku Zomba, likatulutsa zotsatira za PSLCE, JCE kapena MSCE, ophunzira ena amapeza kuti zawo zagwiridwa. Makolo adziwe kuti kugwiridwa kwa zotsatira sikutanthauza kuti mwana walephera. Kumatanthauza kuti pali nkhani imene sinathe, ndipo choyamba ndi kudziwa amene wazigwira, kaya ndi sukulu kapena bungwelo.

Nkhani ya ndalama ndiyo yosavuta. Sukulu kapena koleji imene wophunzira ali nayo ngongole ya fizi kawirikawiri imasunga chikalata cha zotsatira mpaka ngongoleyo itathetsedwa. Apa mayeso anachongedwa kale, choncho kholo likambirane ndi mphunzitsi wamkulu litatenga malisiti onse. Nthawi zina ndalama zinaperekedwa koma zinalembedwa pa dzina kapena nambala ya wophunzira wina, ndipo lisiti ndilo limathetsa mkangano wotere.

Chifukwa chachiwiri chimasokoneza anthu ambiri. M'maphunziro ena a ntchito zamanja, monga kusoka ndi ukalipentala, malikisi sachokera pa pepala lolembedwa m'chipinda cha mayeso lokha. Gawo lina limachokera pa ntchito imene wophunzira anapanga kusukulu. Malikisi a gawoli akapanda kufika, giredi ya phunziro lonselo singawerengedwe.

Tiyerekeze mtsikana amene analemba maphunziro 6 a MSCE. Wakhoza 5, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo mwa amenewa limodzi lokha ndilo lili ndi kirediti, kutanthauza giredi ya pakati pa 3 ndi 6. Malikisi a chovala chimene anasoka sanafike. Popeza wa kirediti imodzi amayenera kukhoza maphunziro 6 kuti alandire satifiketi, satifiketi yonse yaima chifukwa cha gawo limodzi. Mphunzitsi wamkulu ndiye woyenera kulembera MANEB, atatchula dzina la mtsikanayo, nambala yake ya mayeso ndi phunzirolo, n'kuphatikizapo umboni wa malikisi amene sukulu inasunga. Ngati chovalacho sichinasokedwe n'komwe, kalata singabweretse malikisi.

Kafukufuku amabwera pamene pali chikaiko chakuti malamulo a mayeso anaphwanyidwa, monga kulowa ndi foni kapena likasa m'chipinda, kulemberana mayeso, kapena mayankho a ophunzira angapo kufanana mokayikitsa. Wophunzira akafunsidwa afotokoze mbali yake moona. Akapezeka wosalakwa zotsatira zimatuluka, akapezeka wolakwa zikhoza kufafanizidwa. Palibe ndalama imene imafulumizitsa kafukufuku, ndipo aliyense wolonjeza kutulutsa zotsatira akapatsidwa kangachepe akanenedwe kupolisi.

Madandaulo onse apite molembedwa kudzera kwa mphunzitsi wamkulu wa pamalo pamene mayeso analembedwera, lisanadutse tsiku lomaliza limene MANEB imalengeza potulutsa zotsatira. Kholo lisunge kope la kalatayo lodindidwa ndi sukulu.