Kulandira mauthenga a ntchito pa Telegram popanda kulemba pulogalamu

Ntchito zambiri za m'boma la Salima, kaya ndi za kumahotela a ku Senga Bay, kufakitale ya shuga kapena kumabungwe omwe si aboma, zimalengezedwa pa intaneti ndipo nthawi yofunsira imakhala yochepa. Munthu amene amatsegula masamba a ntchito kamodzi pa sabata amatha kupeza tsiku lomaliza litadutsa. Pali njira yolumikiza zida zitatu zaulere kuti chilengezo chatsopano chogwirizana ndi maphunziro anu chizifika chokha pafoni. Njirayi siifuna luso lolemba mapulogalamu a kompyuta, koma imafuna kusankha bwino mawu osefera ndi kuwerengera kuti makinawo aziyang'ana kangati patsiku.

Zida zitatu

Chida choyamba ndi gwero la zilengezo, lomwe limatchedwa RSS. Uwu ndi mndandanda umene tsamba la pa intaneti limatulutsa lokha, ndipo chilengezo chilichonse chimakhala ndi mutu, mawu ofotokoza, tsiku ndi adiresi yake. Tsamba la ReliefWeb, lomwe limayendetsedwa ndi nthambi ya United Nations yoona za chithandizo pa ngozi, limapereka RSS ya ntchito za mabungwe mukasankha dziko la Malawi. Masamba ambiri omangidwa ndi WordPress amaperekanso mndandandawu mukaonjezera `/feed/` kumapeto kwa adiresi yawo. Pa ntchito zomwazika m'masamba osiyanasiyana, Google Alerts imathandiza: lembani mawu ofufuzira, kenako pa `Deliver to` sankhani `RSS feed`.

Chida chachiwiri ndi Make, tsamba lomwe poyamba linkatchedwa Integromat kufikira mu 2022. Limawerenga mndandandawo, kusefa zilengezo ndi kutumiza zotsalazo. Chachitatu ndi Telegram, kumene uthenga umafikira.

Ambiri angakonde WhatsApp popeza ndi imene yafala m'dziko muno. Vuto ndi lakuti kutumiza mauthenga ndi makina pa WhatsApp kumafuna akaunti ya bizinesi ya kampani ya Meta, ndipo uthenga woyambitsa kukambirana uyenera kutsata kalembedwe kovomerezedwa kale ndi kampaniyo. Telegram imalola aliyense kupanga kaloboti kotumiza mauthenga kwaulere m'mphindi zochepa.

Kukonza Telegram

Mu Telegram fufuzani `@BotFather` ndi kumutumizira lamulo la `/newbot`. Akufunsani dzina la kalobotiko komanso dzina lina lothera ndi `bot`. Kenako akupatsani `token`, yomwe ndi mzere wautali wa manambala ndi zilembo. Isungeni ngati nambala yachinsinsi ya kubanki, chifukwa aliyense woidziwa angathe kutumiza mauthenga m'dzina la kaloboti kanu.

Tsegulani kalobotiko, dinani `Start` ndi kukalembera mawu alionse. Sitepe iyi ambiri amaidumpha, chikhalirecho kaloboti sikangalembere munthu amene sanayambe wakalankhula. Mukatero, tsegulani adiresi iyi mutaika `token` yanu pamalo pa mawu a zilembo zazikulu:

```
https://api.telegram.org/botTOKEN/getUpdates
```

Pa zimene zioneke, pezani nambala yotsatira `"chat":{"id":`. Imeneyo ndiyo `Chat ID` yanu, kutanthauza keyala ya kumene mauthenga azipita.

Kulumikiza mu Make

Ntchitoyi imaphweka pakompyuta kusiyana ndi pafoni. Mukatsegula akaunti yaulere, dinani `Create a new scenario`. Gawo loyamba likhale `RSS`, ndipo musankhe `Watch RSS feed items`. Ikani adiresi ya mndandanda wanu, ndipo pa `Maximum number of returned items` lembani 20 kuti zilengezo zikatuluka zambiri nthawi imodzi zisachedwe pamzere. Gawo lachiwiri likhale `Telegram Bot`, musankhe `Send a Text Message or a Reply`. Lowetsani `token` ndi `Chat ID`, ndipo m'bokosi la `Text` ikanimo `Title` ndi `URL` zochokera kugawo loyamba. Sefa imaikidwa podina kamzere kolumikiza magawo awiriwa.

Chitsanzo cha kasefedwe

Tiyerekeze mayi wa ku Chipoka amene ali ndi dipuloma ya zowerengera ndalama ndipo akufuna ntchito kufupi ndi kwawo. Ganizo loyamba lingakhale losefa mitu yokhala ndi mawu a `account`. Akatero, azilandiranso ntchito za kalondolondo wa mapulojekiti, chifukwa mabungwe amakonda mawu a `Accountability` m'mitu ya maudindo amenewo. Mawu abwino ndi `accountant`, `accounts` ndi `finance`. Pa lamulo lililonse asankhe `Contains (case insensitive)` kuti makina asasiyanitse zilembo zazikulu ndi zazing'ono.

Kenako aonjezere malo. Lamulo lakuti `Title` ikhale ndi `accountant` alimange pamodzi ndi lakuti `Description` ikhale ndi `Salima` podina `Add AND rule`. Akafuna kuphatikiza Senga Bay, adine `Add OR rule`, koma m'gulu latsopanolo abwerezenso lamulo la `accountant`. Akaiwala kubwereza, gulu lachiwirilo lidutsitsa ntchito iliyonse ya ku Senga Bay, ngakhale ya ophika ndi alonda.

Sefa yothina kwambiri ilinso ndi choipa chake. Mindandanda ina imangoonetsa mizere yoyambirira ya chilengezo, ndipo dzina la Salima limatha kukhala pansi pomwe sefa siifika. Bungwe lokhala ku Lilongwe limathanso kungolemba likulu lake ngakhale ntchitoyo ili kunyanja. Choncho pa gwero lokhala ndi ntchito za m'Malawi zokha, ndi bwino kusefa udindo wokha ndi kudziwerengera malowo.

Masamu a mwezi

Akaunti yaulere ya Make imapereka makirediti 1,000 pamwezi, imalola ntchito ziwiri zoyenda nthawi imodzi, ndipo singayang'ane mndandanda pafupipafupi kuposa mphindi 15. Kuyang'ana kulikonse kumadya kirediti imodzi ngakhale pasapezeke chatsopano, uthenga uliwonse umadyanso imodzi, pomwe sefa siidya kanthu.

Mukasiya pa mphindi 15, makina ayang'ana ka 96 patsiku, kutanthauza 2,880 pamasiku 30. Makirediti atha tsiku la 11 ndipo mauthenga asiya kubwera. Kuyang'ana ola lililonse kumadya 720 ndi kusiya 280 za mauthenga. Ngati mayi uja ali ndi magwero awiri, aike mphindi 120 pa lililonse. Onse pamodzi adya 720 yomweyo. Kuchedwa kwa maola awiri sikuluzitsa ntchito yomwe yapereka sabata yofunsira.

Kuyesa ndi kuzindikira cholakwika

Poyesa, uzani gawo la RSS pa `Choose where to start` kuti liwerenge zilengezo zonse zomwe zilipo, kenako dinani `Run once`. Uthenga ukafika, sinthani kukhala `From now on` ndi kuyatsa ndondomeko ya nthawi, apo ayi makinawo sadzayenda okha.

Foni ikakhala chete masiku angapo, tsegulani `History`. Mukaona kuti gawo loyamba likupeza zilengezo koma lachiwiri silikulandira, sefa yathina. Mawu akuti `chat not found` amasonyeza kuti `Chat ID` yalakwika kapena simunadine `Start`. Ngati gawo loyamba silikupeza kanthu konse, tsegulani adiresi ya mndandandawo nokha, popeza tsamba likasintha kamangidwe RSS yake imatha kufa.

Makinawa sazindikira chilengezo chachinyengo; amangofananitsa zilembo. Uthenga ukafika, tsimikizani patsamba la kampani kapena bungwe lomwe latchulidwa, ndipo wina akapempha kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lanu lilowe pamndandanda wa oitanidwa kumayeso, chisiyeni chilengezocho.