Gawo lomaliza la ulendo wa katundu

Gawo lomaliza la ulendo wa katundu ndi mtunda umene phukusi limayenda kuchokera kudepoti ya mumzinda kukafika pakhomo la wolandira. Ngakhale kuti mtundawu ndi waufupi, umadya ndalama zambiri, chifukwa katundu amene anabwera pamodzi pa lole imodzi tsopano amagawidwa kumakomo ambirimbiri. M'mizinda yothithikana, makampani amasankha pakati pa njinga yamoto ndi vani.

Zimene zimakweza mtengo

Chachikulu chimene kampani imalipira ndi nthawi. Dalaivala amalipidwa ngakhale galimoto itaima pamzere, ndipo injini imapitiriza kudya mafuta. Nthawiyi ili m'magawo awiri. Loyamba ndi ulendo wochoka kudepoti kupita kudera la makasitomala ndi kubwerera. Lachiwiri ndi nthawi ya pakhomo lililonse: kufuna poimika, kupeza nyumba, kuimba foni ndi kudikira kuti wogula awerenge ndalama.

Mtengo umakweranso ngati wolandira sanapezeke, pakuti phukusi limabwerera kudepoti n'kuyendanso tsiku lina. Kumadera kumene misewu ilibe mayina ndipo nyumba zilibe manambala, vutoli limachitika kawirikawiri.

Kusiyana kwa njinga yamoto ndi vani

Njinga yamoto imadutsa pakati pa magalimoto oima, imalowa m'tinjira topapatiza, ndipo imaima pafupi ndi chipata. Koma bokosi lake ndi laling'ono, choncho imabwerera kudepoti kangapo patsiku. Singanyamule firiji kapena matiresi, mvula ikagwa imachedwa, ndipo woyendetsa amavulala kwambiri pangozi. Vani imanyamula katundu wa tsiku lonse ulendo umodzi, koma imatsekeka pamsewu ndipo imavutika kupeza poima.

Chitsanzo

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera. Kampani ili ndi maphukusi 60 opita kudera limene lili makilomita 10 kuchokera kudepoti. Vani imawatenga onse, imayenda makilomita 10 pa ola chifukwa cha kuthithikana, ndipo imatha mphindi 6 pakhomo lililonse, kuphatikizapo kusuntha kuchoka pakhomo lina. Kupita ndi kubwera ndi mphindi 120, zapamakomo ndi mphindi 360, zonse pamodzi 480.

Njinga yamoto imatenga maphukusi 15 okha, imayenda makilomita 20 pa ola, ndipo imatha mphindi 4 pakhomo. Ulendo umodzi ndi mphindi 60 zapamsewu ndi 60 zapamakomo. Maulendo anayi amakwana mphindi 480, mofanana ndi vani.

Zinthu zimasintha depoti ikasuntha. Ikakhala pa makilomita 20, vani imatha mphindi 600 pamene njinga imatha 720, chifukwa njinga imabwereza msewu wautaliwo kanayi. Ikakhala pa makilomita 2 okha, vani imatha mphindi 384 pamene njinga imatha 288. Choncho funso lenileni ndi lakuti depoti ili kutali bwanji, osati chabe kuti chothamanga ndi chiti. N'chifukwa chake makampani ena amaphatikiza zonse ziwiri: vani imatula katundu pa kadepoti kakang'ono m'deralo, kenako njinga zimamufikitsa kumakomo.

Kukonza njira

Masamu okonzera maulendo otere anayamba ndi George Dantzig ndi John Ramser mu 1959, pamene ankafufuza njira za malole operekera mafuta m'mafilingisiteshoni. Mu 1964, Clarke ndi Wright anapereka njira yosavuta imene ikugwirabe ntchito. Poyamba amayesa ngati kasitomala aliyense ali ndi ulendo wakewake. Kenako amawerengera mtunda umene ungapulumuke makasitomala awiri akaikidwa pa ulendo umodzi, n'kuyamba kulumikiza amene akupulumutsa kwambiri mpaka galimoto itadzaza. Popeza njinga imadzaza msanga, kulumikizaku kumathera panjira, pamene vani imapindula nako kwambiri. Koma ngati katundu ali wofulumira, monga chakudya chotentha kapena mankhwala, palibe nthawi yodikira kuti maphukusi achuluke, ndipo mwayi wa vani umatha.

Malamulo a mzinda

Malamulo nawonso amasintha masamuwa. Ku Lagos, m'dziko la Nigeria, boma linaletsa njinga zamoto zonyamula anthu, zotchedwa okada, m'madera angapo a mzindawu kuyambira pa 1 February 2020. Njinga zoperekera katundu sizinatsekedwe mofanana, ndipo kampani ya Gokada, imene inkanyamula anthu, inasintha n'kuyamba kupereka katundu ndi chakudya.