Kugawana penshoni ukwati ukatha ku South Africa

Kugawana penshoni ukwati ukatha ndi njira imene khoti limaperekera kwa mkazi kapena mwamuna gawo la ndalama zimene mnzake wakhala akusunga mu thumba la penshoni. Ku South Africa nkhaniyi imayendetsedwa ndi Lamulo la Kuthetsa Ukwati la 1979 komanso Lamulo la Matumba a Penshoni la 1956. M'mabanja ambiri a anthu apantchito, penshoni ndi nyumba ndiye chuma chachikulu chimene amakhala nacho. Kuchuluka kwa zimene munthu angalandire kumadalira mtundu wa ukwati, tsiku limene ukwatiwo watha, ndiponso mawu amene alembedwa m'chigamulo cha khoti.

Mbiri

Kale penshoni sinkawerengedwa pa chuma cha banja chifukwa mwini wake amakhala asanailandire. Mu 1989 lamulo la 1979 linasinthidwa, ndipo ndime 7(7) inayamba kunena kuti penshoni ndi mbali ya chuma cha munthu pa nthawi yothetsa ukwati. Komabe wopatsidwa gawo ankayenera kudikira mpaka mwini penshoniyo atapuma pa ntchito, atasiya ntchito kapena atamwalira, ndipo ena ankadikira zaka zambiri ndalama zawo zikutha mphamvu.

Kuyambira pa 13 Seputembala 2007, wopatsidwa gawo amalandira ndalama zake ukwati ukangotha. Thumba la ogwira ntchito m'boma, GEPF, lili ndi lamulo lakelake, choncho linayamba kutsatira njira imeneyi patapita zaka zingapo.

Mtengo wa penshoni

Khoti siligawa penshoni imene munthu adzalandire atakalamba. Limagawa mtengo wa penshoniyo pa tsiku lothetsa ukwati. Kwa munthu amene ali mu thumba la kuntchito, lamulo la 1979 limati mtengowu ndi ndalama zimene akanalandira akanakhala kuti wasiya ntchito pa tsikulo. Zimene adzasonkhe ukwati utatha zimakhala zake yekha.

Mitundu ya ukwati

Anthu amene akwatirana popanda kusainirana pangano la chuma amakhala pa ukwati wa chuma chimodzi. Katundu ndi ngongole zonse zimakhala za onse awiri, ndipo aliyense amayenera theka la penshoni ya mnzake. Ndalama zimene zinasonkhedwa asanakwatirane nazo zimawerengedwa.

Ena amasainirana pangano loti aliyense akhale ndi chuma chake, koma ukwati ukadzatha adzagawane zimene zawonjezereka. Pamenepa penshoni imaphatikizidwa pa chuma cha mwini wake. Kenako amaona kuti chuma cha aliyense chakula bwanji kuchokera pa tsiku la ukwati, ndipo amene chake chakula pang'ono amalandira theka la kusiyanako.

Mtundu wachitatu ndi wa anthu amene pangano lawo limakana kugawana kulikonse. Ngati anakwatirana pa 1 Novembala 1984 kapena pambuyo pake, ndime 7(7) inalembedwa kuti isawerengere penshoni pa chuma chawo. Anthu ongokhalira limodzi popanda ukwati wovomerezeka sangagwiritse ntchito ndimeyi, ngakhale atakhala limodzi zaka zambiri. Kwa amene anakwatirana kunja, monga ku Malawi kapena ku Zambia, khoti limayamba laona kuti ndi lamulo la dziko liti limene limayendetsa chuma cha ukwati wawo, choncho sikuti nthawi zonse amagawana theka ndi theka.

Chitsanzo

Tiyerekeze kuti mwamuna ndi mkazi ali pa ukwati wa chuma chimodzi. Mwamunayo amagwira ntchito ku mgodi, ndipo mtengo wa penshoni yake pa tsiku lothetsa ukwati ndi R600 000. Mkaziyo ndi namwino pa chipatala chimene si cha boma, ndipo penshoni yake ndi R200 000. Mkaziyo ayenera kulandira R300 000 kuchokera ku thumba la mwamunayo, pamene mwamunayo ayenera R100 000 kuchokera ku thumba la mkaziyo. Pamapeto aliyense amatsala ndi R400 000.

Akhoza kugwirizananso kuti thumba la mkazi lisakhudzidwe, koma la mwamuna lokha lipereke R200 000. Zotsatira zake ndi zomwezo. Njira ina ndi yoti mwamuna asunge penshoni yake yonse, mkazi atenge gawo lalikulu la nyumba. Kusinthanitsa kotere kumafuna kusamala, chifukwa ndalama za penshoni zimadulidwa msonkho pozitenga, ndipo nyumba sipatsa munthu ndalama za mwezi ndi mwezi akadzakalamba.

Kaperekedwe ka ndalama

Thumba la penshoni silipereka ndalama chifukwa cha mgwirizano wa anthu awiri okha. Pamafunika chigamulo cha khoti chotsatira ndime 7(8). Chigamulocho chiyenera kutchula kuti chimene chikugawidwa ndi mtengo wa penshoni, kunena ndalama zake kapena maperesenti ake, kusonyeza bwino thumba limene likukhudzidwa, ndiponso kulamula thumbalo kuti lipereke ndalamazo.

Wopatsidwa gawo amapereka chigamulocho ku thumba. Malinga ndi ndime 37D ya lamulo la 1956, thumba liyenera kumufunsa pasanathe masiku 45 ngati akufuna ndalama m'manja kapena zisamutsidwire ku thumba lina la penshoni. Iye ali ndi masiku 120 oti ayankhe, ndipo akayankha thumba limapereka pasanathe masiku 60. Akatenga ndalama m'manja, msonkho umadulidwa pa gawo lakelo, osati pa la mwini penshoni. Akazisamutsira ku thumba lina lovomerezeka, salipira msonkho pa nthawiyo.

Kuyambira pa 1 Seputembala 2024, penshoni ya munthu imasungidwa m'magawo atatu: ndalama zakale, zimene angatapeko akadali pa ntchito, ndi zodikira kupuma pa ntchito. Gawo la woperekedwa ndi khoti limachotsedwa m'magawo onsewa molingana ndi kukula kwa lililonse.

Mavuto amene amachitika

Vuto lofala ndi kulemba dzina la kampani yoyendetsa thumba kapena la abwana m'malo mwa thumba lenilenilo. Kampani imodzi imatha kuyendetsa matumba ambiri, choncho thumba likhoza kukana kupereka ndalama mpaka khoti litakonza chigamulocho. Dzina lenileni la thumba limapezeka pa chikalata chimene membala amalandira chaka ndi chaka.

Vuto lina limabwera membala akasiya ntchito ukwati usanathe. Pa mlandu wa thumba la penshoni la Eskom ndi Krugel mu 2011, Khoti Lalikulu la Apilo linagamula kuti munthu amene anasiya ntchito ukwati usanathe analibenso mtengo wa penshoni woti ugawidwe motsatira ndime 7(8). Ndalamazo zimawerengedwabe pa chuma cha banja, koma ngati zinatuluka kale m'thumba, mnzakeyo amayenera kuzifuna kwa munthuyo mwini, amene mwina anazidya kale. N'chifukwa chake maloya nthawi zina amapempha khoti kuti liletse thumba kupereka ndalama mlandu uli mkati.

Nthawi zina chigamulo sichitchula n'komwe za penshoni. Pa mlandu wa Ndaba mu 2016, khoti lomweli linanena kuti pa ukwati wa chuma chimodzi penshoni imakhalabe mbali ya chuma chogawana, ngakhale chigamulo chisanaitchule. Wosiyidwayo sataya ufulu wake, koma amayenera kubwereranso ku khoti kuti apeze chigamulo chimene thumba lingatsatire.