Kuchokera ku migodi ya ku Joni kufika ku Dowa ndi Ntchisi: mbiri ya kufunafuna khansa ya chiwindi isanadzionetse

Kale kachilombo ka hepataitisi B kasanadziwike, madokotala a ku migodi ya golide ya ku Joni ankaona chinthu chowadabwitsa. Anyamata amphamvu, ambiri a iwo ochokera kum'mwera kwa Mozambique, ankabwera akumva kuwawa pansi pa nthiti za kumanja, chiwindi chitatupa ndi kuuma ngati mwala, ndipo pakangotha milungu yowerengeka ankamwalira. Mu 1951 dokotala wina wa kumeneko, Charles Berman, analemba buku lonse lofotokoza khansa imeneyi. Ku Ulaya inali nthenda yosowa, ya anthu okalamba, koma kuno kum'mwera kwa Africa inkagwira anthu a zaka za m'ma 20 ndi 30.

Zifukwa zake zinadziwika m'zaka makumi atatu zotsatira. Mu 1960 nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Pofufuza anapeza poizoni wotuluka m'chuku, amene anamutcha afulatokisini, ndipo kafukufuku wa m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique anaonetsa kuti kumene anthu ankadya poizoniyu wambiri, khansa ya chiwindi inalinso yochuluka. Mu 1965 Baruch Blumberg analengeza za chizindikiro cha m'magazi chimene pambuyo pake chinadziwika kuti ndi chikopa cha kachilombo ka hepataitisi B. Ndicho chimene kachipangizo koyezera magazi a pachala kamafunafuna lero, chija chimalembedwa kuti HBsAg. Kenako mu 1981 Palmer Beasley, atatsatira amuna 22,707 ku Taiwan, anaonetsa kuti okhala ndi kachilomboka ankadwala khansa ya chiwindi mochuluka kwambiri kuposa anzawo opanda kachilomboka.

Zinthu ziwirizi zimakumana m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Kumeneko mtedza ndi mbewu ya ndalama komanso ya ndiwo. Wabwino umapita ku msika wa ku Mponela kapena kwa mavenda, pomwe wophwanyika ndi wonyala umatsala pakhomo kuti usinjidwe nsinjiro. Kuwaza madzi pa makoko kuti afewe poswa, komanso kusunga chimanga chisanaumitsitse, kumapatsa chuku mpata. Komanso katemera wa hepataitisi B analowa m'katemera wa ana ku Malawi mu 2002, pa milungu 6, 10 ndi 14, choncho akuluakulu obadwa chisanafike chaka chimenecho sanamulandire ali makanda. Kafukufuku wa ku Ndirande ku Blantyre anapeza kachilomboka mwa akuluakulu pafupifupi 5 pa 100 alionse, koma mwa ana obadwa katemera atayamba sanafike ndi mmodzi yemwe pa 100. Ambiri mwa akuluakuluwo anakatenga ali aang'ono, ndipo akhala nako zaka makumi angapo osamva kanthu.

Vuto la khansa imeneyi ndi lakuti chiwindi sichidandaula msanga. Chotupa chikhoza kukula mpaka kufanana ndi dzira munthu akulima bwinobwino. Kuwonda, chikasu m'maso, madzi m'mimba ndi ululu zimabwera nthenda itapita kale patali. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2017, wa zipatala za m'maiko angapo a mu Africa, anapeza kuti kupatula ku Egypt, theka la odwala linkamwalira pasanathe miyezi itatu chiwapezereni nthendayi. Ndiye funso limene akatswiri analimbana nalo linali ili: kodi chotupa chingapezeke bwanji mwa munthu amene sakudwala?

Yankho loyamba linachokera ku Russia. Mu 1963 Garry Abelev anapeza kuti mbewa zokhala ndi khansa ya chiwindi zinali ndi pulotini ina m'magazi imene kawirikawiri imapangidwa ndi mwana ali m'mimba, nkuzimiririka akabadwa. Chaka chotsatira Yuri Tatarinov anaipezanso mwa munthu wodwala khansa ya chiwindi. Pulotiniyi ndi alifa-fitopulotini, imene pa fomu ya ku labu imalembedwa kuti AFP. Yankho lachiwiri linali makina ounika m'mimba pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso, aja anthu amangoti sikani, amene pofika m'ma 1980 anali atayamba kuonetsa zotupa zazing'ono za m'chiwindi.

Ngati kuyeza kotereku kumapulumutsadi miyoyo kunayesedwa ku China m'malo awiri, ndipo zotsatira zake zinasiyana. Ku Qidong anatenga amuna 5,581 okhala ndi kachilomboka. Gulu lina ankaliyeza AFP miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, lina ayi. Mwa oyezedwawo khansa inkapezekadi msanga, koma chiwerengero cha omwalira sichinatsike, makamaka chifukwa ambiri mwa opezekawo sanalandire chithandizo chochiza. Ku Shanghai anatenga anthu 18,816 a zaka 35 mpaka 59, nkumayeza theka la iwo AFP ndi sikani pamodzi, miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Ngakhale kuti anthu sankabwera nthawi zonse, lipoti la mu 2004 linaonetsa kuti imfa za khansa ya chiwindi zinatsika ndi 37 pa 100, chifukwa ambiri opezeka ndi chotupa chaching'ono anachitidwa opaleshoni. Phunziro lake ndi lakuti kuyeza pakokha sikuchiza munthu. Chimene chimapulumutsa ndi kuyeza kobwerezabwereza kokhala ndi njira yofikira kwa dokotala wochotsa chotupacho.

Potsatira umboni umenewu, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2015 linalangiza sikani ndi AFP miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kwa magulu atatu a anthu okhala ndi hepataitisi B: amene chiwindi chawo chauma ndi zipsera, amene m'banja mwawo munadwalapo wina khansa ya chiwindi, ndi opitirira zaka 40 amene kachilombo ndi kochuluka m'magazi mwawo. Miyezi isanu ndi umodziyo siinangosankhidwa mwachisawawa. Chotupa chotere nthawi zambiri chimatenga miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi kuti chiwirikize kukula kwake, choncho chimene chinali chosaoneka ulendo wapita chimapezeka chikadali chaching'ono ulendo wotsatira.

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize kuona momwe ntchitoyi imayendera. Bambo wa zaka 42, mlimi wa mtedza wa cha ku Malomo, wapita pa chipatala cha boma cha Ntchisi kukapereka magazi kwa m'bale wake, ndipo wapezeka ndi HBsAg. Sakumva kuwawa paliponse. Choyamba ayenera kuyezedwa HIV, chifukwa mankhwala a tenofoviya ndi lamivudini amene ali m'ma ARV amalimbananso ndi hepataitisi B. Chachiwiri ndi kudziwa ngati chiwindi chayamba zipsera, ndipo apa pali kawerengedwe kotsika mtengo kotchedwa APRI, kofuna zinthu ziwiri zokha: mulingo wa AST ndi chiwerengero cha mapulatileti, tizigawo tothandiza magazi kuundana.

```
APRI = (AST / ULN) / PLT x 100
```

Ngati AST ya bamboyu ndi 60, malire a labu olembedwa kuti ULN ali 40, ndipo mapulatileti ndi 120, yankho ndi 1.25. Malangizo a WHO a mu 2024 amati APRI yopitirira 0.5 mwa wamkulu ndi chifukwa choyambira mankhwala, ndipo yopitirira 1 imaloza ku chiwindi chouma. Bamboyu ayamba tenofoviya tsiku lililonse, ndipo alowa m'kaundula wa oyenera kuunikidwa. Mankhwalawo amachepetsa chiopsezo cha khansa koma sachithetsa, ndiye kumwa mankhwala sikumuchotsa m'kaundulamo.

Ulendo woyamba AFP yake ndi 8 ndipo sikani sikuonetsa chotupa. Patatha miyezi isanu ndi umodzi AFP yafika 35, kudutsa malire a 20 amene ambiri amagwiritsa ntchito, ndipo sikani yaonetsa kachotupa ka masentimita awiri. Apa sipofunika kudikira. Kachotupa kosafika sentimita imodzi kamaunikidwanso pakatha miyezi itatu, koma kopitirira pamenepo kamafuna chithunzi cha CT kapena MRI chojambulidwa atabaya mankhwala oonetsa mitsempha, ndipo kwa munthu wa ku Ntchisi kapena Dowa njira yake ndi ya ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe. Chotupa chimodzi chaching'ono chotere, m'chiwindi chimene chikugwirabe ntchito, chikhoza kudulidwa kapena kuwotchedwa ndi singano. Chikalowa m'mtsempha waukulu wa chiwindi, mwayi umenewo watha.

Njira ziwirizi iliyonse ili ndi pofookera pake. Zotupa zambiri zazing'ono sizikweza AFP nkomwe, choncho AFP yotsika siitanthauza kuti munthu alibe khansa. Imakweranso mwa mayi woyembekezera, komanso pamene kachilombo kadzuka nkutupitsa chiwindi, ndipo nthawi zoterozo ALT nayo imakhala itakwera. Nchifukwa chake nambala imodzi siuza zambiri ngati nambala zingapo zolembedwa motsatizana m'buku la kuchipatala la wodwala: 8, kenako 35, ikunena zambiri kuposa 25 yosasintha kwa zaka ziwiri. Sikani nayo imadalira dzanja ndi diso la wounika. Makina ndi omwe aja ounikira amayi oyembekezera, koma kusesa chiwindi chonse, makamaka kumtunda kobisika ndi nthiti ndi mapapo, kumafuna maphunziro akeake. M'chiwindi chodzaza zipsera kachotupa kamabisala mosavuta, ndipo chithupsa cha mafinya kapena TB zikhoza kufanana ndi khansa. Kafukufuku wophatikiza zotsatira zambiri mu 2018 anapeza kuti mwa anthu a chiwindi chouma, sikani yokha inkagwira zotupa zoyambirira pafupifupi 45 pa 100, koma ikaphatikizidwa ndi AFP zinkafika 63 pa 100.

Pofooka kwambiri pa unyolo wonsewu ndi ulendo wachiwiri ndi wachitatu. Munthu wosadwala, amene anauzidwa kuti sikani ili bwino, savutika kutsika phiri nyengo ya dzinja, fodya ndi mtedza zikumudikira kumunda. Apa ndi pamene mlangizi wa zaumoyo ndi wodzipereka wa m'mudzi amagwira ntchito imene makina sangagwire: kusunga tsiku lobwerera, kulondola amene sanabwere, kufotokoza kuti "zili bwino" ikutanthauza miyezi isanu ndi umodzi yokha, ndi kufunsa ngati panali m'bale amene anamwalira atatupa mimba, popeza abale a mimba imodzi kawirikawiri amakhala nako kachilomboka onse. Pa ulendo womwewo ndi pokambirana za kachasu ndi za mtedza wachuku umene umatsala pakhomo.

Ana a mu 2002 amene analandira katemera woyamba uja tsopano ndi akuluakulu, ndipo m'badwo wawo udzaiona khansa imeneyi mochepa. Makolo awo ndi achimwene awo ndiwo ali pa msinkhu umene nthendayi imakonda kuonekera. Kwa iwo, zimene zinachitika ku Qidong ndi ku Shanghai zikusiya mafunso awiri oti chipatala chilichonse cha ku Dowa ndi Ntchisi chiyankhe chisanatsegule kaundula: ndani adzaitana munthuyu mwezi wachisanu ndi chimodzi, ndipo kachotupa kakapezeka, adzafika ku Lilongwe patatha masiku angati?