Makina akamadumpha ndi kuunjika ulusi pa nsalu yotamuka

Atelala a pa Chitakale, pa Nkando ndi ku msika wa Limbuli m'boma la Mulanje amalandira ntchito yochuluka yochokera m'mabelo a kaunjika: kuchepetsa tisheti, kufupikitsa diresi yothina, kupinda m'munsi mwa juzi. Zovala zambiri zotere ndi za nsalu yoluka, yomwe imatamuka ikakokedwa. Makina opalasa ndi mapazi a Butterfly kapena Singer, omwe amasoka chitenje popanda chovuta, akafika pa nsalu imeneyi amayamba kudumpha, kapena kuunjika ulusi kunsi ngati chisa cha mpheta. Ambiri amathamangira kupotokola tenshoni, ena amaitana mmisiri kuti amasule makina, pamene nthawi zambiri makinawo amakhala alibe vuto. Mavuto awiriwa ali ndi magwero osiyana.

Kudumpha kumamveka bwino munthu akadziwa mmene sitichi imapangikira. Singano imatsika ndi ulusi wam'mwamba mpaka pansi, kenako imayamba kukwera. Ikakwera pafupifupi mamilimita 2, nsalu imakhala itagwira ulusiwo, choncho ulusi umapindika pambali pa diso la singano n'kupanga kamsampha. Nsonga ya shatulo, yomwe ili ngati mbedza, imakola kamsamphako n'kukazunguliza pa ulusi wa m'bobini. Chitenje chimakhala phee pamene singano ikukwera. Nsalu yotamuka imakakamira singano n'kukwera nayo limodzi, ndipo kamsampha kaja kamachepa kapena sikapangika n'komwe. Shatulo imadutsa osakola kanthu, ndipo pamzere pamatsala ulusi wautali wongogona pamwamba pa mabowo awiri kapena atatu.

Pali njira yachidule yodziwira ngati cholakwa chili m'makina. Telala apinde kachidutswa ka chitenje pawiri n'kusoka ndi singano ndi ulusi womwewo. Mzere ukatuluka wosadumpha, ndiye kuti singano ndi shatulo zikukumana pa nthawi yake, ndipo palibe sikuluu yofunika kuikhudza. Chotsala ndi singano ndi kagwiridwe ka nsalu.

Tiyerekeze kuti mayi wabweretsa tisheti yopyapyala kuti ifupikitsidwe, ndipo makina akudumpha pa masitichi angapo alionse. M'makinamo muli singano ya nambala 16, yomwe atelala ambiri amasokera chilichonse kuyambira yunifolomu mpaka jinzi. Singano imeneyi ndi yaikulu kwambiri pa nsalu yotere, ndipo nsonga yake yakuthwa imatha kudula ulusi wa nsaluyo, pamzere n'kubooka timabowo tisheti ikachapidwa. Choyamba ndi kuika singano yatsopano yaing'ono, ya 75/11, kapena 90/14 ngati nsalu ndi yokhuthalako. Yoyenera kwenikweni ndi ya nsonga yobulungira, yomwe imapatula ulusi wa nsalu m'malo moudula. Pa paketi ya singano ya tisheti ndi juzi pamalembedwa 130/705 H SUK. Ya nsalu yokhala ndi mphira, yotamuka kwambiri, ndi 130/705 H-S, ndipo iyi inasemedwa mwapadera pamwamba pa diso kuti shatulo iyandikire bwino ulusi. Zonse ziwiri zimalowa m'makina apanyumba olandira singano za HAx1. Makina amagetsi akuluakulu monga Juki DDL amafuna mtundu wina, DBx1, womwe tsinde lake ndi lozungulira ponseponse.

Kaikidwe ka singano nakonso kamadumphitsa. Iyenera kukankhidwa m'mwamba mpaka itagunda, sikuluu isanamangidwe, chifukwa ikatsala pansi ndi milimita imodzi yokha kamsampha kamapangika pamalo olakwika. Pa makina ambiri a Butterfly mbali yaphwatalala ya tsinde imayang'ana kudzanja lamanja, ulusi n'kulowa kuchokera kumanzere. Mitundu ina ya Singer ndi yosemphana ndi zimenezi, koma lamulo limodzi silisintha: ngalande yaitali ya singano imayang'ana kumene ulusi ukulowera. Ku Mulanje, komwe mvula imagwa yambiri ndipo chiperoni chimanyowetsa chilichonse chosiyidwa pakhonde, singano yogonera m'makina imachita dzimbiri msanga, ndipo yadzimbiri imakoka nsalu koposa yosalala.

Singano yobulungira ikasowa pafupi, pepala limapulumutsa ntchito. Telala ayale kachidutswa ka nyuzipepala kapena pepala la m'kope kunsi kwa nsalu n'kusoka zonse pamodzi, kenako ang'ambe pepalalo motsatira mzere. Pepala limaumitsa nsalu pa nthawi imene singano ikukwera, komanso limaletsa nsalu kumira m'bowo la mbale ya singano. Pa nsalu yoyera ndi bwino pepala losalemba, poti inki imadetsa. Sikuluu ya pamwamba pa mutu wa makina, yomwe imapanikiza phazi, imafuna kusamala: ikamasuka kwambiri nsalu imakwera ndi singano, ikathina kwambiri mpendero umatuluka wokwinyika ngati mafunde. Iyesedwe pang'onopang'ono pa chidutswa chodulidwa ku tisheti yomweyo.

Chisa cha ulusi chimapusitsa chifukwa chimaonekera kunsi, ndipo maso amathamangira ku bobini. Komatu ulusi wounjikanawo kawirikawiri ndi wam'mwamba. Wokayika aike ulusi wofiira pamwamba ndi woyera m'bobini, aone mtundu wa chisacho. Chimene chimachitika n'chakuti ulusi sunalowe pakati pa timbale tiwiri ta tenshoni. Timbaleti timatseguka phazi likakwezedwa ndipo timatsekeka likatsitsidwa, choncho wolowetsa ulusi phazi lili pansi amangougoneka pamphepete. Mankhwala ake ndi kusolola ulusi wonse, kukweza phazi, n'kuulowetsanso kuyambira pachiyambi, osaiwala kachitsulo kokwera ndi kutsika kamene kamakoka ulusi sitichi ikapangika. Akatero atsitse phazi n'kukoka ulusi ndi dzanja. Ukalimba, wakhala m'malo mwake. Ukasololoka mosavuta, pakati pa timbale pali fumbi kapena kachidutswa ka ulusi.

Chisa chongobwera poyambira mzere chili ndi chifukwa china. Nsonga ziwiri za ulusi, zotalika masentimita pafupifupi 10, zigwiridwe kumbuyo kwa phazi kufikira masitichi atatu oyamba atasokedwa. Kuyambira pamphepete penipeni pa nsalu yofewa kumapangitsa singano kuikankhira m'bowo, choncho ndi bwino kuyamba sentimita imodzi mkati, kapena kuyambira pa kachidutswa ka chitenje n'kuwolokera pa tisheti. Pa makina opalasa gudumu liyambitsidwe ndi dzanja, lizungulire kubwera kwa wosokayo. Likabwerera m'mbuyo, ngakhale theka la kuzungulira, ulusi umakodwa m'shatulo. Zikatero nsalu isakokedwe mwamphamvu, poti singano imapindika ndipo nsonga ya shatulo imatha kukalika. Ulusi udulidwe kunsi, bobini ichotsedwe, fumbi la m'mano ndi m'njira ya shatulo lisesedwe, kenako mudonthezedwe oyilo dontho limodzi.

Pali malire amene singano yabwino singathe kuwachotsa. Makina osoka mzere wowongoka wokha sapanga sitichi yotamuka, ndipo mpendero wa tisheti ungathe kuduka mwini wake akamaivala. Ulusi wa poliyesita umapirira kuposa wa thonje. Sitichi ikhale ya mamilimita 2.5 mpaka 3, ndipo nsalu itamulidwe pang'ono mofanana kutsogolo ndi kumbuyo kwa phazi, osaikoka kuti ithamange kuposa mano. Amene ali ndi makina a zigizagi aike m'lifupi pa milimita imodzi kapena kucheperapo. Mmisiri amafunika pokhapokha makina akamadumpha ngakhale pa chitenje ndi singano yatsopano yoikidwa bwino, chifukwa apo ndiye kuti chitsulo chogwira singano chasuntha kapena nsonga ya shatulo yabuntha.