Mbiri ya masamu okuzira chithunzi, ndi njanji ya Nkaya yooneka kuchokera kumwamba

Pa Nkaya, m'boma la Balaka, ndi pamene njanji yochokera ku Blantyre kulowera ku Salima imakumana ndi njanji imene inatsegulidwa mu 1970, yowoloka Shire pa Liwonde, kudutsa boma la Machinga mpaka kumalire a Nayuchi. Setilaiti ya Landsat 8 imadutsa pamwamba pa malo amenewa masiku 16 aliwonse, ndipo chimodzi mwa zithunzi zimene imajambula ndi chotuwa, chopanda mitundu ina, chopangidwa ndi timabokosi toima m'mizere. Kabokosi kalikonse, kotchedwa pikiselo, kamaimira malo a mamita 15 m'litali ndi mamita 15 m'lifupi, ndipo kamasunga nambala imodzi yokha yosonyeza kuwala kwa malowo. Munthu akafuna kukuza kapena kuchepetsa chithunzi chotere, kompyuta imayenera kupeza manambala a mapikiselo atsopano amene setilaiti sinawajambule, ndipo njira imodzi yofala yochitira zimenezi ndi yomwe pa mapulogalamu monga QGIS imalembedwa kuti Bilinear.

Maziko a njirayi ndi akale kwambiri kuposa kompyuta. Akatswiri a zakuthambo a ku Babulo, ndipo pambuyo pake Ptolemy wa ku Alexandria m'zaka za m'ma 100, ankalemba manambala m'matebulo, ndipo nambala imene ankaifuna ikagwa pakati pa mizere iwiri ankaiyerekeza poganiza kuti kusintha kumayenda mofanana kuchokera pa mzere woyamba kufika pa wachiwiri. Ngati malo ena ali ndi 40 ndipo oyandikana nawo ali ndi 80, pakati penipeni pamapatsidwa 60. Ganizo limeneli linadikira zaka zambirimbiri kuti likumane ndi chithunzi, chifukwa chithunzi chisanasanduke manambala panalibe choti chiwerengedwe.

Kusanduka kumeneko kunachitika mu 1957, pamene Russell Kirsch ndi anzake ku National Bureau of Standards ku America analowetsa mu kompyuta chithunzi cha mwana wakhanda chokhala ndi mapikiselo 176 m'litali ndi 176 m'lifupi. Mu Julaye 1965 chombo cha Mariner 4 chinatumiza zithunzi za dziko la Mars za mapikiselo 200 mbali iliyonse, pikiselo iliyonse ikutenga umodzi mwa milingo 64 ya kutuwa. Koma chimene chinasandutsa nkhaniyi kukhala ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi setilaiti yoyamba ya Landsat, yomwe inaulutsidwa pa 23 Julaye 1972. Popeza dziko limazungulira setilaiti ikujambula, zithunzi zake zinkatuluka zopendekeka, ndipo kuti zigwirizane ndi mapu zinkafunika kusamutsiridwa pa mizere ina ya mapikiselo imene sinkagwera pomwe panali mizere yoyamba. Njira zitatu zinakhazikika m'zaka zimenezo: kutenga nambala ya pikiselo yoyandikira kwambiri, kusakaniza mapikiselo anayi ozungulira, kapena kusakaniza mapikiselo 16, njira imene Robert Keys anaifotokoza mwamasamu mu 1981. Yapakatiyo inakondedwa chifukwa siisiya timakona tooneka ngati masitepe monga ichitira yoyamba, komanso siifuna masamu ambiri ngati yachitatu.

Kagwiridwe kake kamaoneka bwino pa chithunzi chongoyerekeza cha mapikiselo anayi, pa mlingo umene 0 ndi kuda bii ndipo 255 ndi kuyera mbee. Mzere wapamwamba ukhale ndi 40 ndi 80, wapansi ukhale ndi 120 ndi 200, ndipo cholinga chikhale kuchikuza kuti mbali iliyonse ikhale ndi mapikiselo anayi. Choyamba ndi kupeza pamene pikiselo yatsopano ikugwera pa chithunzi chakale, ndipo poti mapikiselo amawerengedwa kuyambira pa 0, lamulo lake ndi ili:

```
x = (i + 0.5) * (2 / 4) - 0.5
```

Pikiselo yachiwiri ya mzere wachiwiri, imene i yake ndi 1 mbali zonse ziwiri, imagwera pa 0.25 chopingasa ndi 0.25 chotsika, kutanthauza kuti ili pafupi ndi 40 kuposa manambala ena atatuwo. Pa mzere wapamwamba, gawo limodzi mwa magawo anayi a mtunda wochokera pa 40 kufika pa 80 limapereka 50. Pa mzere wapansi, gawo lomwelo pakati pa 120 ndi 200 limapereka 140. Ndipo potsika kuchokera pa 50 kulowera ku 140 ndi gawo lomwelonso pamapezeka 72.5, imene imasungidwa ngati 72 kapena 73 malinga ndi pulogalamu. Kuyerekeza kwa mzere wowongoka kwachitika mbali ziwiri, ndipo ngakhale munthu atayamba chotsika n'kumalizira chopingasa, yankho silisintha. Mapikiselo a m'mphepete amagwera pa -0.25 ndi 1.25, kunja kwa chithunzi, ndipo kawirikawiri amangopatsidwa nambala ya m'mphepetemo.

Theka limene likuwonjezedwa ndi kuchotsedwa m'lamulo lija lasokoneza olemba mapulogalamu kwa zaka zambiri, pakuti limachokera pa ganizo lakuti nambala ya pikiselo imakhala pakati pa kabokosi. Mapulogalamu ena amangolumikiza pikiselo yoyamba ndi yomaliza ya chithunzi chatsopano ndi zinzake za chithunzi chakale, ndipo pikiselo ija imagwera pa gawo limodzi mwa magawo atatu, yankho n'kukhala pafupifupi 84. Mayankho onsewa, 72.5 ndi 84, amatchedwa ndi dzina limodzi, chotero amene akuyerekeza zithunzi zochokera ku mapulogalamu awiri ayenera kufufuza kaye kuti iliyonse ikutsata ganizo liti. Chizindikiro cha kusokonekera kotere pa mapu n'chakuti njanji kapena mtsinje umaoneka utasuntha pang'ono, ndi theka la pikiselo kapena kucheperapo.

Kuyambira mu 2008, pamene zithunzi za Landsat zinayamba kuperekedwa kwaulere, aliyense wokhala ndi kompyuta angathe kuyesa njirayi pa Nkaya, ndipo malire ake amaonekera pomwepo. Zitsulo ziwiri za njanji ya Malawi zimatalikirana ndi mamilimita 1,067 okha, ndipo ngakhale pamodzi ndi miyala yake ndi malo olambulidwa m'mbali, njanjiyo imangokhala kamzere ka pikiselo imodzi kapena ziwiri. Kukuza chithunzi sikungaonetse zitsulozo, chifukwa nambala iliyonse yatsopano imagwa pakati pa yaing'ono ndi yaikulu mwa zinayi zimene yasakanizidwa. Kamzereko kamangofutukuka n'kuzimiririka m'mbali. Amene amati chithunzi chokuzidwa chaoneka bwino amakhala akuyamikira kusalala, pomwe tsatanetsatane sanawonjezereke.

Vuto lalikulu, lomwe ambiri saliyembekezera, limabwera pochepetsa. Mapikiselo a mamita 15 akasandutsidwa a mamita 60, pikiselo yatsopano iliyonse imaphimba mapikiselo akale 16, koma njirayi imawerenga anayi okha apakati. Lamulo lija, 4 akalowa m'malo mwa 2 / 4, limapereka malo 1.5, 5.5, 9.5 ndi otsatira, kotero mizere ya 1 ndi 2, ya 5 ndi 6 imawerengedwa, pomwe ya 0, 3, 4 ndi 7 imadumphidwa. Njanji yoyenda motsata mzere wa 3 imasowa kotheratu, ndipo yopendekeka pang'ono imatuluka yodukaduka ngati msoko wa singano. Mankhwala ake ndi kutenga avereji ya mapikiselo onse 16, chimene mu OpenCV chimasankhidwa ndi INTER_AREA m'malo mwa INTER_LINEAR, kapena kusalaza chithunzi chisanachepetsedwe.

Palinso zithunzi zimene njirayi siiyenera kuzikhudza n'komwe. Pa mapu ogawa malo, pomwe nambala 1 ingaimire madzi a Shire, 2 minda ndipo 3 nkhalango, kusakaniza 1 ndi 3 kumabala 2, ndipo m'mphepete mwa mtsinje mumamera minda imene palibe anailima. Pa mapu otere, njira yoyamba ija yotenga pikiselo yoyandikira ndiyo imagwiritsidwabe ntchito.